Pempho langa linali pa silaidi 23

Ife a ku Lifuwu kuno nkhani timaiyambira kumayambiriro. Mukandifunsa mtengo wa thumba la Kilombero, ndiyamba ndakuuzani za tsiku lomwe tinafesa nazale. Nchifukwa chake anzanga a m'kalabu yathu ya alimi a mpunga anandisankha kukhala mlembi, ati sindiiwala kanthu.

Ndiye kunamveka kuti kukubwera alendo ochokera ku Lilongwe, a bungwe lina lothandiza alimi, ndipo atipatsa mphindi 10 zoti tifotokoze zosowa zathu. Ndinabwereka laputopu nkukonza masilaidi 24. Woyamba unali wa kubadwa kwa kalabu. Wachiwiri, chisankho chomwe ndinapambana ine. Kenaka kuwokera, kupalira, kupirikitsa mbalame, kukolola, mwezi ndi mwezi ngati kalendala. Vuto lathu lenileni, loti tilibe nyumba yosungiramo mpunga, linali pa silaidi 22. Pempho pa 23. Pa 24 ndinalemba ZIKOMO wa zilembo zofiira.

Madzulo ndinaitana mwana wa mlongo wanga, yemwe amaphunzitsa kusekondale, kuti adzandiombere m'manja. Anatchera wotchi pafoni. Italira, ine ndinali pa silaidi 7, ndikadawokerabe.

"Amalume, kodi alendowo mukufuna akuchitireni chiyani?"

"Iwe dekha, zili kutsogolo."

"Kutsogoloko adzakhala ali pa Kamuzu Road akugula zakumwa. Mukapita kuchipatala mutu ukuwawa, mumayamba kuuza adokotala za tsiku lomwe munabadwa?"

Anatsegula PowerPoint, nadina View kenaka Slide Sorter, masilaidi onse nkuyalika timakadi patsamba limodzi. Asanakhudze kalikonse anasunga kope lina ndi Save As, poona kuti nkhope yanga yayamba kugwa. Kenaka anati silaidi uliwonse uyankhe funso limodzi mwa atatu: vuto nchiyani, umboni uli kuti, tikupempha chiyani. Wolephera onse atatu utuluke.

Anakoka silaidi 22 nkuuika poyambirira. Mutu wake ndinali nditalemba "Mavuto". Iye anati mutu uzikhala chiganizo chathunthu, ndipo analemba: "Timagulitsa mpunga motchipa nthawi yokolola chifukwa tilibe posungira."

Pa umboni panapulumuka masilaidi atatu okha. Woyamba, chithunzi cha matumba omwe anachita chinyezi pakhonde pa tcheyamani. Wachiwiri, mitengo ya m'buku la kalabu: yomwe mavenda amatipatsa mu Juni aliyense ali ndi mpunga, ndi yomwe imakhalapo pofika Disembala utasowa. Wachitatu, chiwerengero cha matumba omwe mamembala anagulitsa pokolola pomwepo. Pa mitengoyo mpamene anandilola kusanja zinthu motsata miyezi, chifukwa kukwera kwa mtengo kumaoneka bwino miyezi ikandandalikidwa.

Ndinamenyera nkhondo chithunzi changa chomwe ndinavala jekete, nditaima pachipata cha malo a kafukufuku wa mpunga kuno ku Lifuwu. Ndinati ndi umboni.

"Umboni wa chiyani, amalume?"

"Woti kalabu ili m'manja abwino."

Anadina Hide Slide. Ati silaidi sunafe, wangobisala; mlendo akafunsa za jekete tidzautulutsa. Mbalame, nazale ndi chisankho zinatsata njira yomweyo.

Pempho nalo linapimidwa. Ine ndinalemba "Tikupempha thandizo lililonse." Iye anati wopempha chilichonse amapatsidwa matisheti. Tinalemba chinthu chimodzi: nyumba ya simenti pansi, ya malata, yokhala ndi mathandala oikapo matumba, ndalama zake zingati, njerwa ndi mchenga zichokera kwa ife, makiyi asunga ndani. Anandichenjezanso kuti pempho lizitseka vuto lomwe latsegula nkhani. Ukadandaula za posungira nkupempha njinga yamoto ya mlembi, alendo amayang'anizana. Njingayo ndinaifufuta ndekha, mwakachetechete.

Kusuntha masilaidi kuli ndi msampha wake. Mawu akale amatsalira. Silaidi woyamba tsopano unkayamba ndi "Pomaliza", ndipo wachitatu unkati "monga taonera pa silaidi 15", pomwe 15 unali utabisala limodzi ndi mbalame. Tinachotsa "kenaka" aliyense ndi "monga ndanena kale" aliyense. Pomaliza anandiuza kuti ndiwerenge mitu yokha mokweza, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Mitu yokhayo ikafotokoza nkhani yomveka, ntchito yatheka. Ukapunthwa penapake, pamenepo pali silaidi wosochera.

Tinatsala ndi masilaidi 6, kuwerengera ZIKOMO, yemwe ndinakana kuti amukhudze. Tsiku la alendo ndinamaliza wotchi isanalire, ndipo anafunsa za mtengo wa simenti, osati za jekete.

Alembi anzanga a makalabu, kuchokera ku Senga Bay mpaka ku Chipoka, mbiri ya kalabu isungireni tsiku la phwando. Mlendo wa mphindi 10 muuzeni chomwe chakupwetekani, muonetseni bala, nkutchula mankhwala omwe mukufuna.