Ndinkadziyesa katswiri wopepesa, mpaka adafa galu wa atsibweni

Kwathu kuno ku Dowa ndimadziwika ngati munthu wodziwa kuyankhula pa maliro. Kuyambira ku Mponela mpaka ku Madisi, pakagwa zovuta mumpingo mwathu, amati aitaneni aja a jekete yakuda. Ndimadziwa potsitsa mawu, ndimadziwa poima kuti amayi ausepo moyo, ndipo mwambi woti maliro n'kulirana ndaubwereza mpaka udatha mano. Tsono ineyo, ndi jekete yangayo, ndidalephera kupepesa atsibweni anga enieni pa imfa ya galu.

Galuyo dzina lake adali Mudzatopa. Mukudziwa inu kuti kwathu dzina la galu ndi kalata yopita kwa anansi, ndipo ameneyu adatchulidwa nthawi ya mkangano wa malire a munda. Mkangano udatha kalekale, galu adatsala. Adakhala ndi atsibweni zaka 9 m'mapiri a kumalire ndi Ntchisi, komwe anyani amayesa chimanga cha munthu ngati chawo. Ankatsogola popita kumunda, ankagona pachigafa nthawi ya fodya, ndipo chimwalirireni akazi awo, ndiye ankalandira mbamu yoyamba ya nsima. Usiku wina akuba adaponya nyama yothira tameki kuseri kwa khola la mbuzi. Mbuzi ziwiri zidapita, Mudzatopa adafera pakhonde kusanache.

Nditafika ndidapeza atsibweni atakhala pampando wa ndalema, maso ali psuu. Ine ndidayamba ndi mbuzi. Ndidawerengera mtengo wake, ndidatukwana akuba, ndidatchula za kupolisi. Iwo ali chete. Nditazindikira kuti misoziyo si ya mbuzi, ndidaseka pang'ono, kuseka kwa munthu wodziona wanzeru, n'kunena kuti, “Atsibweni, galu yemweyu? Kwa ine kuli tiana tinayi, mawa ndikubweretserani kamodzi.”

Adandiyang'ana nthawi yaitali. “Mphwanga, kodi ndakuuza kuti ndikusowa galu?”

Munthu wamanyazi akadatseka pakamwa pomwepo. Ine ndidasintha njira. Ndidawafotokozera, ndi mawu anga a pamaliro aja, kuti kwenikweni sakulira galu ayi, akulira malemu akazi awo, galuyu wangotukula chilonda chakale. Ndinkaona ngati ndanena zakuya. Koma taganizani zomwe mawu amenewo amachita. Amauza munthu kuti chisoni chake n'chosaloledwa pokhapokha tichisamutsire pa munthu, ndipo amamulanda ufulu wodziwa yekha amene akumulira. Akazi awo adawalira kale, mudzi wonse ukuwathandiza, adzukulu atakumba manda, amfumu atayankhula, mpingo utaimba usiku wonse. Uyu ankamulira yekha, Mudzatopa wa khutu long'ambika, ndipo padalibe siwa, padalibe chipepeso, padalibe ngakhale mmodzi wofunsa kuti zidayenda bwanji. Chisoni cha chiweto chimapweteka kawiri chifukwa mwini wake amayenera kuchibisa kuopa kusekedwa, ndipo woyamba kuseka ndidali ine.

Amene adandiphunzitsa ndi mdzukulu wawo, mtsikana wa Fomu 2. Sadalalike. Adangofunsa kuti, “Agogo, timuike pati?” Apo mpomwe ndidamva kuti anyamata a pamudzi adali atakonzeka kumukokera kuthengo ndi chingwe, monga timachitira, ndipo atsibweni ankachita manyazi kuwaletsa.

Pano ndinene za nzeru zomwe ndidazipeza mochedwa. Kukwirira galu wofa ndi tameki si kumulemekeza kokha. Mankhwalawo amakhala adakali m'mimba mwake ndi m'masanzi, choncho agalu ena, akhwangwala kapena nkhuku zikadyako zimafa nazonso. Dzenje likhale lakuya pafupifupi mita imodzi, kutali ndi chitsime ndi dambo, ndipo pamwamba muikepo miyala kuti afisi asafukule. Pomunyamula valani majumbo m'manja, dovu lisakukhudzeni, ndipo nyama yotsala ndi dothi la pomwe adasanzira zikwiriridwe limodzi. Wina akaseka kuti mukuchitira maliro galu, muli ndi yankho lomwe ngakhale wouma mtima sangalitsutse, ndipo wofedwayo wapeza manda osachita kuwapempha. Tidakumba pansi pa mtengo wa mango, ine jekete itapachikidwa panthambi, matuza ali m'manja.

Tikukwirira, atsibweni adatulutsa chomwe chinkawadya. Adamva galu akulira pakati pa usiku, adatuluka, adamupeza akunjenjemera, dovu lili chuchuchu, ndipo poopa kuti ndi chiwewe adabwerera m'nyumba n'kutseka chitseko. “Ndidamuthawa, mphwanga. Iye sadandithawepo.”

Lilime langa lidayabwa kuti ndinene kuti musadandaule, zidalembedwa. Mwamwayi ndidali wefuwefu ndi khasu. Kudziimba mlandu kotere sikufuna mawu ozuna, kumafuna zoona, ndipo zoona zake zidali kumbali yawo. Tameki amagwira msanga: dovu, kunjenjemera, kutsekula m'mimba, kubanika, ndipo galu akhoza kufa ola lisanathe. Mankhwala othandiza alipo, jakisoni wa atropini, koma amabaya ndi a zaziweto, ndipo usiku m'mapiri muja simungawapeze nthawi ikadalipo. Mkaka umene timathamangira kumwetsa suchotsa poizoniyo. Komanso munthu woona galu wa dovu usiku sangasiyanitse msanga tameki ndi chiwewe, ngakhale kuti chiwewe nthawi zambiri chimayamba ndi masiku angapo galu atasintha khalidwe. Chiwewe chikayamba kuonekera mwa munthu sichichizika, choncho kutseka chitseko m'nyumba momwe mukugona mdzukulu sikudali kuthawa bwenzi. Ndidawauza zimenezi pang'onopang'ono, mopanda mwambi. Sadayankhe, koma madzulo adadya.

Kenako mtsikana uja adafunsa za khutu long'ambika lija, ngakhale nkhaniyo ankaidziwa bwino. Atsibweni adasimba za tsiku lomwe Mudzatopa adalimbana ndi nyani wamphongo m'mphepete mwa munda, adasimba mpaka kuimirira kuonetsa mmene nyaniyo adathawira, adaseka, kenako adaliranso. Ife tidangokhala. Ndidaona kuti kumutchula dzina galuyo ndi kufunsa za moyo wake kudachita zomwe maulaliki anga onse awiri adalephera.

Mungaganize kuti ndidaphunzira. Sabata lomwelo ndidakweza kagalu m'katoni pa njinga yamoto n'kupita nako, poti lonjezo ndi ngongole. Atsibweni adakapatsa madzi, adakasisita pamutu, n'kundiuza mwaulemu kuti ndibwerere nako. Kadandikodzera m'jekete panjira. Patapita miyezi, fodya atagulitsidwa, adatumiza uthenga okha wofunsa ngati kagalu kaja kadakalipo, ndipo adafunsanso za katemera wa chiwewe asanakalandire. Nthawi yotenga wina amaidziwa mwini chisoni, ndipo ena satenganso konse.

Inu amene mnansi wanu wafedwa galu kapena mphaka, pitani ndi khasu, mutchuleni dzina wakufayo, funsani mmene zidayendera, ndipo za kagalu ka kwanu musazitchule mpaka atafunsa okha. Mbuzi ziwiri zija sizidapezeke, ndipo atsibweni sadazitchulepo mpaka lero.