Thukuta la Osala Kudya

Ku Mangochi, kochi adalangiza mnyamata wake kuti pa Ramadhani asathamange masana dzuwa lili paliwombo. "Uzithamanga monyang'ama kwa mphindi 30 futari itayandikira, kuti pomaliza adhana azilira, iwe n'kumwa madzi." Mnyamata adatsata malangizo bwinobwino. Adhana adalira iye ali pa mtunda wa makilomita anayi kuchokera kwawo, kukhosi kuli gwa. M'mawa mwake adafika ndi nkhope yakugwa: "Akochi, za kubwerera simudanene."

Ku Ndirande nako, kujimu kwa zitsulo zoumba ndi simenti, mwini malo adauza mkulu wina kuti posala kudya minofu siyifuna mpikisano. "Achimwene, mwezi uno chotsani theka la zomwe mumanyamula." Mkuluyo adachotsadi theka, koma lonse mbali imodzi. Chitsulo chidapendama, iye n'kuchitsatira mpaka m'dimba la aneba. Akudzikung'untha fumbi adati, "Mwaona? Njala yayamba kundikokera kumanzere."

Wina adamva kuti masewera amphamvu ngofunika kuchita patapita ola limodzi kapena awiri chidyereni futari. Anzake adamudikira pabwalo mpaka 10 koloko usiku. Atamulondola kunyumba, adampeza akupungula mbale yachinayi ya mpunga. "Musandisokoneze, anzanga. Maola awiriwo amayamba ndikamaliza kudya."

Nanga bambo wina wa ku Machinga! Anamwino adamuuza kuti pakati pa futari ndi daku azimwa malita awiri a madzi, pang'onopang'ono, ndipo mkodzo ukada ngati tiyi adziwe kuti thupi lauma, tsikulo asakathamange. Bamboyo adaiwala usiku wonse, ndiye adagugudiza chigubu chathunthu kutatsala mphindi zisanu kuti daku ithe. Mkazi wake akuti chikwatirane sadamuonepo akuthamanga liwiro lotere, maulendo asanu ndi awiri, onse njira imodzi ya kuseri kwa nyumba.

Mu 2021 ku England, masewero a Leicester City ndi Crystal Palace adaimitsidwa pang'ono dzuwa litalowa kuti Wesley Fofana amasule kusala kwake. Nkhaniyi itafika kumudzi kwina, oyimbira mpira adati nawonso atero. Wezulo itangolira, amayi adalowa m'bwalo ndi mikeka, miphika ya nsima ndi chambo. Osewera onse 22 adakhala pansi. Oyimbira adafunsa goloboyi, mkulu wa kwaya kutchalitchi, ngati nayenso amasala. "Ndayamba pompano, bwana. Tandipatsirani mchere."

Tithamangire kuparishi. Pa Lachitatu la Phulusa bambo mfumu adauza gulu lothamanga m'mawa kuti kumwa madzi sikuswa kusala, choncho angochepetsa liwiro, ndipo pa Lenti aliyense asiye chinthu chimodzi chimene amachikonda. Mayi wina adakweza dzanja: "Ine ndasiya kuthamanga, abambo." Ansembe adadabwa: "Inu amayi, mumabwera kamodzi pamwezi, kuthamangako mudayamba liti kukukonda?"

"Dzulo madzulo."