Mpikisano wa tizizindikiro ta pafoni

Foni yanga ili ndi maapu ambiri kuposa anthu amene amandiimbira. Ndikaima pamzere kwa ejenti, anthu kumbuyo amayamba kutsokomola ine ndikadasakasaka kachizindikiro kamodzi pasikirini yodzaza. Choncho ndinadziika kukhala wapampando wa kafukufuku wopanda alawansi, kuti tidziwe kachizindikiro kamene diso limakapeza msanga pakati pa tinzake.

Kujambula sikirini n'kosavuta: pamafoni ambiri mumadina batani lozimitsira pamodzi ndi lochepetsera mawu. Ndinajambula yanga, ya mphwanga ndi ya neba. Woweruza asapatsidwe sikirini ya foni yake, chifukwa pamenepo chimagwira ntchito ndi chala, chomwe chinaloweza kale kuti WhatsApp imakhala pansi kumanja, diso lili mtulo. Oweruza anali mayi akunyumba ndi aPhiri a nyumba yoyandikana nafe, omwe anavomera atamva kuti pakhala tiyi. Ndinkatchula dzina la apu, kuonetsa chithunzi, n'kuwerenga mpaka munthu ataloza.

Ndinkayembekeza kuti WhatsApp ipambana osatuluka thukuta, poti ndi imene imatidyera bandulo. Koma pafoni ya mphwanga inakhala moyandikana ndi kachizindikiro koimbira foni. Tonse tiwiri n'tobiriwira, tonse tili ndi kachigwiriro koyera ka lamya zakale zija, ndipo aPhiri analoza kolakwika molimba mtima ndithu. Abuluu nawo anathithikana: Facebook, Telegram ndi ena ambirimbiri. Amene anapezeka ndisanamalize kutchula dzina ndi Snapchat, apu yomwe m'nyumba mwathu palibe amaidziwa ntchito yake. Inapambana chifukwa yachikasu inalipo yokhayo. Mtundu umathandiza ngati oyandikana nawo sanauvale, ndipo ku Zambia, komwe chikasu n'cha MTN, mwina zikanatha mwina.

Kenako ndinachepetsa zithunzizo mpaka kachizindikiro kalikonse kanangokhala ngati kadontho, n'kuuza oweruza kuti atsinzineko pang'ono. Apa m'pamene banja la Google linavutika. Mu 2020 kampaniyi inaveka Gmail, Drive, Calendar ndi Meet mitundu inayi yofanana, wabuluu, wofiira, wachikasu ndi wobiriwira, ndipo envelopu ya Gmail yoyera ndi mizere yofiira ija inapita. Cholinga chinali choti muzidziwa kuti onsewa ndi a nyumba imodzi, ndipo mumadziwadi. Koma zili ngati amayi ovala nsalu imodzi paukwati: mumaona muli patali kuti awa ndi akuchikazi, koma kuti mupeze azakhali anu muyenera kusuzumira nkhope imodziimodzi. APhiri anasuzumira mpaka tiyi kuzizira. Akuda nawo anasokonezana, chifukwa kuyambira mu 2023, pamene kambalame ka Twitter kanasanduka X, apuyi inakakhala m'khola limodzi ndi TikTok.

Gawo lomaliza ndinachotsa mitundu yonse, zithunzi n'kukhala zakuda ndi zoyera. Si nkhanza zanga: pali amuna ena amene sasiyanitsa chofiira ndi chobiriwira, ndipo dzuwa la Okutobala likawomba pasikirini yong'aluka tonse timafanana nawo. Chikasu cha Snapchat chinasanduka mbuu, kamzukwa kake koyera n'kungotsala ndi mzere wakuda wokazungulira. Amene anapulumuka ndi aja okhala ndi chinthu chimodzi chokha choyera, chachikulu, pamtundu umodzi wolimba: chilembo cha Facebook ndi kamakona atatu ka YouTube. Tizizindikiro tokhala ndi dzina lonse la kampani lolembedwa m'tizilembo tating'ono tinafa imfa yomvetsa chisoni. Ndinali wokonzeka kulengeza kuti chikho chapita kwa YouTube, yomwe sinaphonyedwe m'gawo lililonse.

Ndisanalengeze, mayi akunyumba, omwe anali asanaphonye ngakhale kamodzi, anapempha kuonanso chithunzi cha foni yanga, chochepetsedwa chija, chopanda mitundu.

"Bambo a Chisomo, aka kali pakona apa n'kachiyani?"

"Kameneko n'koonera zigoli za mpira, mayi."

"Zigoli zimafuna kuti muziika ndalama? Si kamene munalumbira pamaso pa ankhoswe kuti mwakafufuta?"

Kachizindikiro kameneko kanali mkati mwa kafoda, pamzere wotsiriza, kakang'ono moti ineyo mwini ndimakapeza movutikira. Iwo anakaona ndisanayambe n'komwe kuwerenga. APhiri anakumbukira mwadzidzidzi kuti anasiya mpopi wosatseka kwawo. Zotsatira za kafukufuku ndidzalengeza ndikabwezeredwa foni, yomwe pakadali pano ili m'chikwama cha woweruza wamkulu kudikira kuti ankhoswe afike Loweruka.