Mmene Mungauzire Bwana Kuti Mamiliyoni Aja Kunalibeko

Lolemba dashibodi imati kampani yagulitsa katundu wa K84 miliyoni m'mwezi wa Malichi. Bwana dayilekita anachiona chiwerengerocho, anachikonda, Lachitatu n'kukachinena pamaso pa bodi, anthu n'kuwomba m'manja. Lachinayi inu a zachuma mwakonza zolakwika ziwiri, mwadina Refresh, ndipo dashibodi yomweyo yayamba kunena K71.5 miliyoni. Mzere umene unali wobiriwira wafiira. Madzi achita katondo, ndipo imelo yofotokozera ikudikira inu.

Musathamange. Choyamba sankhani nthawi. Lachisanu, anthu akutseka makompyuta, ndiye nthawi yabwino, chifukwa bwana adzaiwerengera pafoni ali kumaliro kapena kuukwati, kumene sangakuwe. Pamutu pa imelo musalembepo zoti chiwerengero cha Malichi chatsika. Lembani kuti "Kungokudziwitsani", mawu amene aliyense amasunga kuti adzawerenge mawa.

Kenaka moni. Funsani za kunyumba, za amayi, za ana kusukulu, ngati chimanga chacha kumunda. Ndime ziwiri zikwane. Akuluakulu sauzidwa zovuta ali chiimire.

Mukafika pankhani yeniyeni, kumbukirani kuti Chichewa chinatipatsa mphatso ya mneni wopanda mwini. Musanene kuti "ndinalowetsa fayilo kawiri". Nenani kuti "fayilo inapezeka italowa kawiri", ngati mbuzi yolowa yokha m'dimba. Chimene chinachitika n'chakuti nthambi ya ku Mzuzu inatumiza fayilo ya mainvoisi 14, netiweki n'kuduka ikulowa, inu n'kuilowetsanso osayang'ana kuti ulendo woyamba inali italowa kale. Mainvoisiwo anawerengedwa kawiri, ndipo mtengo wake ndi K8 miliyoni. Ndalama imeneyi sinabedwe, sinasowe, sinapite kulikonse. Kunalibeko n'kale. Koma samalani, chiganizo chimenechi n'chomveka kwambiri, ndipo bwana akamva msanga amafunsanso msanga kuti analowetsa ndani.

Musaululenso kuti kugwira vutoli kunali kosavuta chonchi. Manambala a mainvoisi ali m'danga A, inu munangolemba pambali pake kuti:

```
=COUNTIF(A:A,A2)>1
```

n'kukokera pansi, mizere 28 n'kuyankha kuti TRUE. Mphindi ziwiri. Bwana akadziwa zimenezi adzafuna kudziwa chifukwa chake mphindi ziwirizo sizinapezeke Lachitatu lisanafike. M'malo mwake lembani kuti "pachitika kafukufuku wozama".

Cholakwika chachiwiri ndicho chokoma, chifukwa mlandu wake mungathe kuukankhira kutsidya la nyanja. Kuno tikalemba 03/04 timatanthauza pa 3 Epulo, tsiku patsogolo, mwezi pambuyo. Ku Amereka amayamba ndi mwezi, choncho 03/04 kwa iwo ndi pa 4 Malichi. Laputopu imene inatsegula fayilo ya sabata yoyamba ya Epulo inali yotcheredwa mwachimereka chigulireni, ndipo Excel inawerenga madeti monga mwa mwambo wa kwawo, osafunsa munthu. Zogulitsa za pa 3 Epulo, zokwana K4.5 miliyoni, zinasamukira ku Malichi n'kukanenepetsa mwezi wa eni ake.

Apa pali kanthu kamene muyenera kukakwirira pansi penipeni. Si Malichi yekha amene anadya za mnzake. Za pa 1 Epulo zinapita pa 4 Januwale, za pa 2 Epulo zinapita pa 4 Febuluwale. Za pa 4 Epulo zokha ndi zimene zinakhala pamalo pake, poti 04/04 ngakhale mutaitembenuza bwanji ndi yomweyo. Ndiye kuti ziwerengero za Januwale ndi Febuluwale nazonso zasuntha, pamodzi ndi lipoti lonse la miyezi itatu limene bodi yasunga kale m'mafayilo. Chizindikiro chinalipo poyera: dashibodi imaonetsa kuti tagulitsa kale katundu pa 4 Meyi, pa 4 Juni ndi pa 4 Julaye, tili m'kati mwa Epulo. Tonse tinaziona. Ine pandekha ndimati mwina a malonda ayamba kulosera. Mukazitchula m'imelo, ziikeni pansi pa dzina lanu, pamene amalemba za kusunga mapepala pofuna kuteteza mitengo.

Chinthu choopsa kuposa zonse ndi mlatho wolumikiza chiwerengero chakale ndi chatsopano. Akauntanti wina wosadziwa kudzisamala amalemba motere:

"Bwana, chiwerengero cha zogulitsa za Malichi pa dashibodi chasintha kuchoka pa K84 miliyoni kufika pa K71.5 miliyoni. Cholondola ndi chatsopanochi. Kusiyana kwake ndi K12.5 miliyoni. Mwa imeneyi, K8 miliyoni ndi mainvoisi 14 a ku Mzuzu amene ndinalowetsa kawiri, ndipo ndawachotsa. K4.5 miliyoni ndi zogulitsa za pa 3 Epulo zimene zinawerengedwa ngati za pa 4 Malichi, ndipo tsopano zili mu Epulo. Ndalama za kubanki sizinasinthe. Ndafananitsa chiwerengero chatsopano ndi leja, zikugwirizana. Januwale ndi Febuluwale atsikanso pa chifukwa chomwecho cha madeti, tsatanetsatane wake ndamuphatika pa imelo ino. Bodi inamva chiwerengero chakale, choncho ndakonza kalata yaifupi yoti muwatumizire mukavomereza. Kuyambira mwezi uno fayilo iliyonse iziyamba yayesedwa ngati ili ndi mainvoisi obwereza isanalowe."

Taonani tsokali. Munthu akhoza kutenga foni, kuchotsa 8 pa 84, kuchotsanso 4.5, n'kupeza 71.5 ndendende. Palibe pobisala. Akauntantiyu wasiyanitsa ndalama imene kunalibeko ndi imene yangosintha mwezi, pamene nzeru yake n'kuziphatikiza zonse n'kuzitcha "zosintha zing'onozing'ono". Wayankha ngakhale funso limene lili pamtima pa bwana aliyense, lakuti kodi wina wadya, asanafunsidwe n'komwe. Imelo yotere imatha kuwerengedwa tiyi asanazizire, ndipo msonkhano wa maola atatu umene ukanabwera ndi mabisiketi umafera m'mazira.

Inu tengani njira ya ku Chiweta, yokhotakhota mpaka wokwera aiwale kumene akupita. Chiwerengero chakale chikhale m'ndime yachitatu, chatsopano m'ndime yachisanu ndi chiwiri, zisaonane. Phatikanipo mafayilo asanu ndi limodzi, lililonse dzina lake likhale "lomaliza", ena "lomaliza lenileni". Chithunzi cha dashibodi yakale musasunge; pakatha mwezi anthu adzayamba kukayikira ngati 84 uja anamuonadi kapena analota. Pamzere wa Cc ikanipo aliyense, mnyamata wa makompyuta, a malonda, a kumpanda ngati ali ndi imelo. Mlandu ukagawidwa pa anthu makumi awiri aliyense amasenza kachibenthu.

Ena adzakuopsezani kuti wobisa matenda maliro adzamuulula, ati maodita akubwera kumapeto kwa chaka ndipo iwo amayamba n'kufananitsa lipoti la bodi ndi leja. N'zoona. Koma kumapeto kwa chaka n'kutali, mwina mudzakhala muli patchuthi.

Lolemba m'mawa yankho lidzafika, mzere umodzi, wolembedwa pafoni: "Ndaona. Koma simungabwezeretse kaye chobiriwira chija mpaka alendo a Lachinayi atapita?"