Pusi Anagweranso pa Intaneti

Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Akale ponena mawuwa ankaganiza za mtengo wa zipatso, koma masiku ano pusiyo akugwera pa msonkhano wa komiti, tsiku losankha dzina la domeni, lija munthu amalemba pafoni kuti akupezeni pa intaneti.

Tiyerekeze gulu la alimi a kwa Champiti ku Ntcheu lomwe likufuna kuti ogula a ku Blantyre ndi ku Lilongwe azilipeza mosavuta. Apampando akuti mawu oti gulu asasowe. Amayi asungichuma amaweta nkhuku, ndiye nkhuku zilowe. "Nanga mbuzi zanga zalakwanji, amayi?" akufunsa alembi. Wa kachewere naye wakweza mkono, ndipo onse agwirizana kuti dzina la mfumu ndi la boma akhalepo kuopa kuoneka amwano. Pomwazikana atuluka ndi `gululaalimiankhukumbuzindikachewerekwachampitintcheu.co.mw`. Zilembo 52 tisanafike pa kadontho koyamba!

Kaundula sangalikane, chifukwa malire a dzina lotere ndi zilembo 63. Amene angalikane ndi wogula, yemwe akulemba ndi chala chimodzi ali mu minibasi, batire itatsala pang'ono kutha. Akaphonya chilembo chimodzi chokha, foni imangomuuza kuti malowo kulibe, ndipo iye amapita kukagula mbuzi kwina. Onani mmene anachitira ena. Dzina lonse la sukulu ya ukachenjede ya zaulimi ku Bunda n'lalitali kwabasi, koma pa intaneti ndi `luanar.ac.mw` basi. A misonkho anangoti `mra.mw`, ndipo palibe amene anazembapo msonkho ponamizira kuti dzina lamuvuta.

Kufupika pakokha sikokwanira, pakuti Chichewa chathu chili ndi misampha yake. Dzina la domeni limalola zilembo a mpaka z, manambala ndi kamzere kapakati. Mpata pakati pa mawu mulibe, n'chifukwa chake "la alimi" anasanduka `laalimi`, ndipo ambiri adzalemba a mmodzi. Kachizindikiro ka m'mawu oti ng'ombe nako sikaloledwa. Ng'ombe ikasanduka `ngombe` anthu amvabe, koma mmisiri wosema ng'oma akalembetsa `ngoma.mw`, kuno kwa Angoni a Gomani adzayamba kulandira mafoni a anthu ofuna gule wa pa mwambo, iye alibe chishango ngakhale chimodzi. Nanga l ndi r? Lamulo limati r imabwera patsogolo pa i kapena e, koma pafoni aliyense ali ndi lamulo lake, moti kachewere wa uyu ndi kachewele wa uyo. Dzina la boma lenilenilo lili ndi mbiri: mabuku ndi mapu akale amalemba Ncheu, ndipo alipo agogo ena amene t ameneyu sanamulandirebe.

Tsono dzina lija tilisadze. Gulu, la, a, ndi, kwa, zonsezi zichoke, wogula sazifuna. Ntcheu achoke, Champiti akwanira, ndipo amalembedwa mmene amamvekera. Pa malonda pasankhidwe chimodzi chomwe gulu limadziwika nacho, ndipo apa m'pamene amayi asungichuma ayenera kupatsidwa madzi akumwa. Chotsala ndi `mbuzichampiti.mw`, zilembo 13. Likanakhala `champiti.mw` bwenzi zili 8, koma dzina la mfumu silitengedwa lokhalokha ngati lotola. Kaye mukagwade kubwalo. Wina akati muikemo kamzere kapena nambala kuti likongole, mufunseni mmene adzalinenere pa wailesi. "Kamzere kapakati, osati kam'munsi" ndi chiganizo chomwe chimadya mayunitsi, ndipo womva "mbuzi folo" sadziwa ngati alembe 4 kapena mawu.

Mayeso ake ndi otchipa. Imbirani anthu atatu omwe sanali pa msonkhano, mmodzi akhale wachikulire, mutchule dzinalo kamodzi osalongosola zilembo, iwo akutumizireni pa uthenga. Mawa lake muwafunsenso ngati akulikumbukira. Mukalandira malembedwe atatu osiyana, vuto si makutu awo.

Likapambana, fufuzani ngati wina sanalitenge kale mu kaundula wa `.mw`, yemwe kwa zaka zambiri wakhala m'manja mwa Malawi SDNP. Polembetsa onetsetsani kuti mwini wake ndi gulu, osati mphwake wa apampando wodziwa makompyuta amene chaka chamawa adzakhala ali ku Joni. Dzinali sagula kamodzi: limabwerekedwa, ndipo nthawi yake ikatha mumalipiranso, apo ayi wina akhoza kulitenga. Tsiku lolipiralo lilembedwe m'buku la amayi asungichuma, ngati adzakhale atayambanso kulankhula nanu pa nkhani ya nkhuku ija.