Amalume Alowedwa M'malo ndi Buku la Mapaundi Khumi

Akale anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Ine manja ndinachenjera kalekale, koma ana oti ndidye nawo ali ku Cardiff, m'dziko la Wales, ine ndili pa Petauke. Mlongo wanga ndi namwino kumeneko, ndipo akulera yekha mnyamata wa zaka 15 ndi mtsikana wa zaka 13. Kuno kwa a Kalindawalo mwana ndi wa kuchikazi. Mwini mbumba ndine, ndipo mnyamata akapulupudza mlandu umayenera kugwera pakhonde langa. Tsono chaka chatha ndinamva kuti udindo wanga wapatsidwa kwa buku.

Mlongo wanga analigula mapaundi khumi. Olemba ake ndi amayi awiri a ku America, Adele Faber ndi Elaine Mazlish, ndipo linatuluka mu 2005. Limaphunzitsa kulankhula ndi achinyamata mwanjira yoti amve. Ndinafunsa ngati bukulo lili ndi mfunda, ngati linayamba lakhalapo pa maliro kapena kulipira mbuzi pa mlandu wa mimba. Iye anangoti, "Amalume awo, inu mukaimba foni mwanayu amakuikani pathebulo n'kupita kukasamba."

Zinali zoona. Tsiku lina ndinalangiza thebulo kwa mphindi makumi awiri, mpaka mayunitsi anatha.

Ndisaname, bukulo si lopusa. Mlongo wanga ankandiwerengera pafoni, ine n'kumatsutsa, koma zina ndinazizindikira. Limati m'malo mokalipa ulaliki wautali, nena liwu limodzi lokha. Mwana akasiya mbale zakuda, ungoti "mbale", basi. Nzeru imeneyi amayi athu anali nayo osapita ku America, ndipo liwu lawo linali limodzi pa milandu yonse: "Iwe!" Kusiyana kwake n'kwakuti kumbuyo kwa "iwe" wa amayi kunkakhala kamtengo ka mpichesi. Ku Wales kamtengoko n'koletsedwa. Kuyambira mu Malichi 2022 kumenya mwana mwanjira iliyonse ndi mlandu, ngakhale kambama kamodzi, ndipo ku Scotland anayamba kale mu 2020. Ndisanayambe kuseka azungu, mphunzitsi wina pano anandikumbutsa kuti nafenso ku Zambia lamulo la ana la 2022 linaletsa chilango chomenya. Kungoti uthengawo ukuyenda wapansi, sunafike m'midzi yonse.

Mlandu weniweni unali wa nthawi yofikira pakhomo. Mlongo wanga amagwira usiku, maola 12, ndipo mnyamata anazolowera kulowa m'nyumba cha m'ma 11. Bukulo lili ndi njira yake. Poyamba umamvetsera mwana osamudula mawu. Kenaka umanena nkhawa yako mwachidule. Mukatero mumatenga pepala n'kulemba maganizo onse a awirinu, abwino ndi opusa omwe, osatsutsa lililonse. Pomaliza mumafufuta amene wina sakuwafuna, otsalawo n'kukhala pangano.

Anachitadi zimenezo pathebulo la kukhitchini. Pomvetsera, anatulukira chimene sankachidziwa: mnyamata sankapita kokasuta kapena kwa atsikana, ankakhala kwa mnzake chifukwa kumeneko kunali anthu, phokoso ndi chakudya chotentha. M'nyumba mwawo usiku munkangolira firiji. Apa ndinavula chipewa, chifukwa ine ndikanayamba ndi chigamulo, mafunso pambuyo. Papepala mnyamata analemba kuti amayi asiye ntchito ya usiku. Amayi analemba kuti mnyamata atumizidwe ku Petauke akalime mtedza chaka chimodzi. Onse awiri anafufutirana. Chotsala chinali chakuti azifika 9 koloko ndi kutumiza uthenga akalowa.

Pangano linagwira masabata atatu. Uthenga unkafika 9 koloko ndendende, wakuti "ndafika". Koma foni siinena kuti wafika kuti. Anaulula ndi mlongo wake, atakangana za chaja.

Apa ndi pomwe ndinaona pobowoka pa mabuku amenewa. Amalembedwa poganiza kuti madzulo m'nyumba muli munthu wamkulu, kawirikawiri awiri, wina akatopa wina n'kulandira. Amaphunzitsa pakamwa pa kholo, koma chimene chikusowa ku Cardiff ndi maso. Pa Nyimba, pamene mabasi a ku Lusaka ndi ku Chipata amaima, amayi ogulitsa nthochi amadziwa mwana wa yani watsika basi iti, ndi yani, atavala chiyani. Mnyamata asanafike kwawo, nkhani yafika kale, yadya nsima, yagona. Ife tinakula tikuopa maso amenewo kuposa mkwapulo. Ku Ulaya woyandikana naye nyumba akaona mwana wako pa ngodya usiku amatseka katani, ndipo akati achitepo kanthu ndiye kuti waimbira a boma.

Za mtsikana ndiye zinavuta kwambiri. Mabuku onse amene anagula pambuyo pake amati mayi akhale pansi ndi mwana wake n'kukambirana momasuka za kutha msinkhu ndi za anyamata. Kwathu mayi sachita zimenezo. Si ulesi kapena umbuli, ntchitoyo ili ndi eni ake: alangizi, agogo, azakhali. Agogo ndi mdzukulu amaseka, amatchulana mwamuna ndi mkazi mwanthabwala, motero mawu olemera amadutsa mosavuta. Mayi amasungidwa patali kuti ulemu usathe. Tsono buku likuuza munthu mmodzi kuti akhale mayi m'mawa, mlangizi masana, malume madzulo, usiku n'kukagwira ntchito kuchipatala. Mlongo wanga anayesa. Akuti anayamba bwino, anafika pa liwu lina lake, lilime linakana m'Chinsenga, linakana m'Chinyanja, m'Chingerezi linatuluka ngati akuwerengera wodwala za mankhwala. Mtsikana anamumvera chisoni n'kumuuza kuti zonsezo anaphunzira kale kusukulu, ndi zithunzi zomwe.

Buku lina linamutonthoza ndi nkhani ya ubongo. Limati mbali ya kutsogolo, imene imagwira mabuleki munthu asanachite chinthu, imamaliza kukhwima cha m'ma zaka 25, ndiponso kuti tulo ta achinyamata timabwera mochedwa mwachibadwa. Ndiye kuti mnyamata wogona mpaka dzuwa pamutu si mlesi, ndi sayansi. Ndinapempha kuti tsamba limenelo lisafike kuno nthawi ya dzinja, chifukwa udzu m'munda sudikira ubongo.

Chimene chinathandiza sichinali m'buku lililonse. Kutchalitchi kwawo kuli mayi wina wa ku Zimbabwe, nayenso namwino, nayenso ali ndi ana awiri osamva. Anayerekeza ndandanda zawo za ntchito n'kupempha kuti asamagwire usiku umodzimodzi. Wina akakhala kuntchito, ana onse anayi amadya ndi kugona kwa mnzake. Mtsikana wathu amauza mayi wa ku Zimbabweyo zimene sangauze amake, ndipo ana a mayiyo amaulula zawo kwa mlongo wanga. Anagwirizananso kuti zomva kwa mwana wa mnzako suthamanga nazo kwa make, pokhapokha zikakhala zoopsa. Mnyamata tsopano amafika 9 koloko yeniyeni, chifukwa pakhomo pali munthu wowerenga mitu asanapakule sadza.

Ine udindo wanga anauchepetsa. Ndimaimba Lamlungu lokha, ndipo andiletsa kuyamba ndi mawu akuti "ife pa msinkhu wako". Mnyamatayo ndimamufunsa za mpira, iye amandifunsa ngati mbuzi ija inabereka. Mwezi watha anandiuza kuti akadzayamba ntchito adzanditumizira foni yatsopano, chifukwa yangayi imaonetsa mphuno yokha. Mayi wa ku Zimbabwe uja akuti mnyamatayo wamulonjeza galimoto.