Mango wagwera mpanda ku Insaca: alipire ndani?

Pamphambano yolowera kumsika wa Insaca, likulu la boma la Mecanhelas, anthu amene ankadikira kuti njinga zawo zimatidwe anali pa mkangano. Usiku wa mvula yamkuntho, mtengo wa mango wa bambo wina unagwera mpanda wa njerwa wa mayi woyandikana naye, n'kugumula mamita sikisi. Mmisiri anawerengera njerwa zootcha 700, matumba anayi a simenti, mchenga ndi malipiro ake. Mayiyo akufuna zonsezo. Mwini mango akuti iye sanatume mphepo.

"Akunena zoona bamboyo," anatero womata njinga. "Namondwe wa Freddy atabwera mu Malichi 2023, mitengo inagwa paliponse. Munamva kuti wina analipira mnzake?"

"Achimwene, Freddy anazula mitengo yamoyo," anayankha mayi wogulitsa tomato. "Mango uja ine ndimaudziwa. Patsinde panali mphako yolowa mkono, chiswe chinali chitamanga mpaka m'nthambi. Ndipo mayi aja anawauza kawiri, kachiwiri pamaso pa mlembi wa dera lathu."

Apo mkulu wina, amene anthu ankamupatsa ulemu chifukwa amakhala nawo pa bwalo la milandu la m'deralo, anatsamira ndodo yake n'kulankhula. Anati lamulo la Mozambique silifunsa kuti mphepo inawomba kapena ayi. Limafunsa ngati mwini mtengo anausamala. Ndinamvetsera bwino, chifukwa zimene ananenazo zilidi mu Código Civil, buku la malamulo la 1966 limene dzikoli linatengera kwa Apwitikizi. Ndime 493 imati amene ali ndi udindo woyang'anira chinthu ndiye amalipira chinthucho chikawononga za wina, pokhapokha iye mwini atasonyeza kuti sanalakwe, kapena kuti zinthuzo zikanawonongekabe ngakhale akanasamala chotani. Choncho si mayi wa mpanda amene ayenera kutuluka thukuta kufunafuna umboni. Ntchito imeneyo ndi ya mwini mango.

"Ndiye umboniwo aupeza kuti, madala?"

"Pachitsa, mwana wanga. Mtengo wamoyo ukazulidwa, mizu imatuluka yolimba, itanyamula dothi lalikulu, ndipo pothyokapo pamakhala poyera, pauwisi. Wovunda umathyoka patsinde, mkati muli mwakuda, mofumbutuka, muli njira za chiswe. Muyang'anenso mitengo ya pafupi. Ngati yonse ili chiimire ndipo wagwa umodzi wokhawo, mphepo musainamizire. N'chifukwa chake timaletsa kuwaza nkhuni ife tisanaone."

Mawu omalizawo ndi ofunika kwambiri, pakuti kuno mtengo ukagwa m'mawa, pofika madzulo umakhala uli pamoto, ndipo umboni umapita ndi utsi.

Mnyamata wa kabaza anafunsa za mpandawo, kuti mwina ndi wa onse awiri poti uli pamalire. Mkuluyo anavomera kuti funsolo lili ndi mutu. Mpanda wogawa mabwalo a nyumba ziwiri lamulo limautenga ngati wa onse, pokhapokha pali chosonyeza kuti ndi wa mmodzi, ndipo mpanda wa onse amakonza mothandizana. Mango akanakhala wamoyo, mphepo yokha n'kuugwetsa, bwenzi akugawana njerwa 700 zija pakati, kapena mayi akumanga yekha ngati mpandawo ndi wake. Koma pamene wina walakwa, wolakwayo ndiye amabwezeretsa mpanda monga unalili, kaya ndi wa onse kaya wa mmodzi. Monga unalili, osati kuposa pamenepo: ngati unamangidwa ndi dothi, mayi sangaumirire simenti, ndipo njerwa zimene zatsala zathunthu ziyenera kuchotsedwa pa chiwerengerocho.

Wina anati mayiyo akanangodula yekha mtengowo kalekale. Ayi ndithu. Ndime 1366 imalola munthu kudula nthambi ndi mizu yolowa kwake ngati wapempha mwini wake ndipo padutsa masiku atatu osachitapo kanthu. Koma kulowa m'bwalo la mnzako ndi nkhwangwa kukagwetsa mtengo wonse, mlandu umakutembenukira.

Nkhaniyi ikapita ku bwalo la m'dera, limodzi la mabwalo amene anakhazikitsidwa ndi lamulo la 1992, akuluakulu adzayamba ndi kuwayanjanitsa, ndipo wosakhutira ali ndi ufulu wopita ku khoti la boma. Ine ndikuona kuti asafike kumeneko. Bamboyo anachenjezedwa pamaso pa mboni, mphako anaiona, mtengo anausiya. Agule njerwa zosweka, alipire mmisiri, mpanda uimenso.

Inu amene mtengo wa mnzanu wapendekera kwanu, musadikire Januwale. Pitani lero ndi mlembi wa dera kapena a mfumu, mumuuze mwini wake pamaso pawo, ndipo tsikulo lilembedwe.